Phala la soya la mwana amene sikelo yake yatsika: muyezo wake ndi kaphikidwe kake

Mwezi uno wokha amayi atatu andiimika pamsika wa Chitakale, wina ali ndi jumbo ya soya m'manja, funso lake limodzimodzi: "Kusikelo andiuza kuti ndizithira soya m'phala la mwana, koma ndithire wochuluka bwanji?" Ndayankha pachitsime, ndayankha kutchalitchi, ndayankhanso ku keyagulupu kwathu mpaka mawu kusasa. Ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Muyezo ndi uwu: magawo 4 a chimanga, gawo limodzi la soya. Ndi muyezo womwewo umene amatsatira popanga Likuni Phala, ufa uja unatenga dzina kuchokera ku Likuni kufupi ndi Lilongwe. Koma amayi ambiri amene phala la soya linawakanika sanalakwitse muyezo ayi. Analakwitsa pokonza soyayo asanapite naye kuchigayo, ndiye apo ndi pamene ndikhalitsepo.

1. Yambani mwaona ngati mwanayu ndi wa phala kapena wa kuchipatala

Phala la soya ndi chakudya, si mankhwala. Limathandiza mwana amene wakwanitsa miyezi 6, amene akudya, akusewera, koma mzere wake m'kabuku ka kusikelo waima kapena wayamba kutsika. Mwana wosakwana miyezi 6 musampatse phala lililonse, ameneyo ndi wa bere lokha.

Alangizi a zaumoyo ali ndi kalamba koyezera mkono wa mwana pakati pa phewa ndi chigongono. Kakagwa pofiira, ndiye kuti mkono sukufika masentimita 11.5, ndipo mwanayo wanyentchera kwambiri. Ameneyo amafunika chiponde cha kuchipatala, phala lokha silingamudzutse. Kakagwa pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, mwana wayamba kunyentchera, ndipo phala ili limamuthandiza kwambiri, komabe alangizi azimuona pafupipafupi. Pobiriwira ndiye kuti ali bwino.

Chinanso mungayeze nokha pakhomo. Dinikizani zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenaka chotsani. Pakatsala timaenje mapazi onse awiri, mwanayo watupikana, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti agogo anena kuti ndi tsempho, ndipo ayamba kufunsa bambo ake a mwana kumene anagona. Mlandu umenewo mukambe pobwera, mwana atalandira kale chithandizo. Chimodzimodzi mwana amene akukaniratu kudya, akusanza chilichonse, kapena wafooka mosadzuka.

2. Gulani soya wodya, wouma, woyera

Kuno ku Mulanje ndife a nandolo ndi chinangwa, soya wambiri amachokera m'chigawo chapakati, ku Lilongwe, Mchinji, Kasungu ndi Dedza. Amapezeka mosavuta akangokolola, cha mu Epulo ndi Meyi. Pogula, tapani dzanja limodzi mununkhize. Akamamveka fungo la chuku, kapena njere zina zili zakuda ndi zokwinyika, musiyeni. Musagwiritse ntchito soya wa mbewu wa m'mapaketi, chifukwa kawirikawiri amakhala wothira mankhwala. Ndipo nyama ya soya ya m'magolosale ija ndi ndiwo, yachotsedwa mafuta, si imene tikunena pano.

Pofika kunyumba, petani palichero ndi kusankha timiyala, tizitsotso ndi njere zoola. Musamutsuke. Ndabwereza dala: musamutsuke, musamunyike. Chifukwa chake chili m'munsimu.

3. Wiritsani soya asanapite kuchigayo

Soya wamuwisi ali ndi mavuto awiri. Loyamba, muli zinthu zimene zimatsekereza mimba kugaya zakudya zomanga thupi. Mwana akadya ufa wa soya wosapsa, mimba imatupa, amatulutsa mpweya, nthawi zina amatsegula m'mimba, ndipo zomanga thupi zimene mumafuna zija zimangodutsa. Zinthu zimenezi zimafa ndi moto. Vuto lachiwiri ndi fungo. Soya wouma akakhudzana ndi madzi ozizira, makamaka njere zosweka, mafuta ake amayamba kusintha ndipo pamatuluka fungo lachiwisi lija ndi kakomedwe kowawira. Fungo limeneli likalowa silituluka, ngakhale muthire shuga wa paketi yonse. Madzi owira ndi amene amaletsa zimenezi zisanayambe.

Mlamu wanga ananyika soya usiku wonse ngati mphale, m'mawa n'kuyanika, n'kukagayitsa. Mwana analawa supuni imodzi, yachiwiri anakhutumula ndi dzanja. Iwo anabwera kwa ine akuti, "Alamu, mwana wanuyu soya samufuna." Nditanunkhiza ufawo ndinawauza kuti ngakhale ine sindingadye.

Chitani chonchi. Tengani poto wamkulu, muthire madzi makapu 4 kapena 5 pa kapu iliyonse ya soya. Sonkhezerani moto mpaka madzi abwadamuke kwenikweni, osati kungotulutsa tithovu m'mbali. Kenaka thirani soya wouma uja pang'onopang'ono, dzanja limodzi, kudikira, dzanja lina, kuti madzi asasiye kubwata. Mukakhuthulira lichero lonse nthawi imodzi madzi amazizira, ndipo zimakhala ngati mwanyika basi. Soya yense akalowa, yambani kuwerenga nthawi: mphindi 30 akubwata. Yang'anani pafoni, musayerekeze ndi maso. Pamwamba pamabwera thovu lambiri, ndiye musavundikire kwathunthu, lingasefukire n'kuzimitsa moto.

Pakatha mphindi 30 soya sakhala wofewa ngati nyemba za ndiwo, ndipo sakuyenera kutero. Lumani njere imodzi. Ikhale yolumika ngati mtedza wophika umene sunafewetsetse, yopanda fungo lachiwisi. Khetsani madziwo n'kuwataya. Tsopano ndi pamene madzi ozizira aloledwa: thirani ambiri, mufikise soya ndi manja awiri ngati mukuchapa. Makoko amasupuka n'kuyandama, inu muzingowatsanula. Bwerezani katatu kapena kanayi. Otsalira ochepa asakudandaulitseni, adzachoka popeta akauma. Timachotsa makoko chifukwa amangodzaza kamimba ka mwana popanda chopereka.

Pali amene amakonda kukazinga m'chiwaya m'malo mowiritsa. Njirayi imagwira, ndipo phala lake limanunkhira bwino, koma ndi yosavuta kuilakwitsa. Moto ukachuluka kunja kumapserera mkati muli mwamuwisi, ndipo soya wopserera amawawa komanso zomanga thupi zake zina zimaonongeka. Ngati mwasankha kukazinga, moto ukhale wamakala wofatsa, soya akhale wochepa m'chiwaya, muzitakasa osaleka kwa mphindi pafupifupi 20. Swani njere imodzi muone mkati: mukhale mofiirira pang'ono mpaka pakati, osati moyera, osatinso mwakuda. Akazizira mupukuse ndi kupeta. Kwa mwana wamng'ono wofooka, ine ndimasankha kuwiritsa, chifukwa madzi owira amafika njere iliyonse mofanana.

4. Yanikani mpaka aume gwa

Apa ndi pamene nyengo yathu imatipusitsa. Soya amatchipa nthawi yomweyo imene chiperoni chimayamba. Mumawiritsa m'mawa kuli ngwee, pofika masana phiri labisala, kamvula kakuwaza, ndipo kangawaze masiku atatu. Soya wonyowa akagona muulu usiku umodzi wokha amachita nterere ndi kununkha, ndipo ameneyo ndi wa nkhumba, osati wa mwana.

Choncho wiritsani m'mamawa tsiku limene kumwamba kwayera. Yanikani pamphasa yoyera kapena pathandala, mopyapyala kuti njere zisasanjikizane, pamalo okwera pomwe nkhuku sizifika. Muzitembenuza masana. Dzuwa likakhala labwino amauma masiku awiri kapena atatu. Madzulo mulowetse m'nyumba koma mumuyale, musamuike m'thumba.

Chiperoni chikakupezererani, musadikire dzuwa. Ikani soyayo m'chiwaya pamoto wochepa kwambiri, pang'onopang'ono, muzitakasa mpaka chinyezi chithe. Cholinga apa ndi kuumitsa, osati kukazinga, ndiye asasinthe mtundu kwambiri. Kuti mudziwe kuti wauma, lumani njere: ithetheke kuti thwa, isaphwatalale. Mukagwedeza dzanja lodzaza azilira ngati timiyala.

5. Yezani ndi kukagayitsa

Yezani soya atauma ndi kupetedwa, osati asanaphikidwe. Gwiritsani ntchito chiwiya chimodzi pa zonse ziwiri: makapu 8 a chimanga, makapu 2 a soya. Kapu ikhale iliyonse, bola ikhale yomweyo.

Chimanga chikhale chosakonola, choti chituluke mgaiwa. Ufa woyera ndi wokoma pansima, koma pokonola ndi ponyika mafuta ndi zofunika zina zimapita ndi madeya. Chimangacho musankhe bwino, njere zoola ndi zachuku zonse zichoke, chifukwa chuku cha m'chimanga ndi mtedza chili ndi poizoni amene kuphika sikumupha. Ngati ndi chothira mankhwala a anankafumbwe, chitsukeni ndi kuchiumitsa kaye.

Sakanizani chimanga ndi soya musanapite kuchigayo. Soya payekha ali ndi mafuta ambiri, amamata pasefa, ndipo achigayo ena amakana kumugaya. Akasakanikirana ndi chimanga amadutsa bwinobwino. Pemphani sefa yosalala, ndipo pamzere mukhale kumbuyo kwa munthu wogayitsa chimanga, osati makaka, chifukwa ufa woyamba kutuluka umakhala wa mnzanu wa patsogolo. Ufa ukabwera wotentha, uyaleni uzizire, musefe, kenaka muutsekere m'kandowa kouma ka chivundikiro.

Musagayitse wambiri. Makapu 10 amenewa amukwanira mwana mmodzi pafupifupi masabata atatu, ndipo ndi pomwepo pamene ufa wa soya umayamba kusintha fungo chifukwa cha mafuta ake. Ngati soya mwawiritsa wambiri, musungeni wanjere, amakhalitsa kuposa ufa.

Mwina muli kale ndi mgaiwa m'nyumba ndipo ufa wa soya mwagula paokha. Muyezo sukusintha: masupuni 4 a mgaiwa, supuni imodzi ya soya. Koma funsani wogulitsa ngati soyayo anaphikidwa kapena kukazingidwa asanagayidwe, ndipo nunkhizani nokha. Wokonzedwa amanunkhira ngati mtedza, wamuwisi amamveka ngati nyemba zosaphika. Ngati mukukayika, phala lake libwate mphindi 30 zathunthu.

Ena amaganiza kuti poti mwana waonda kwambiri, bola athire theka soya theka chimanga kuti anenepe msanga. Musatero. Phala lotero limalemera m'mimba, mwana amakhuta msanga ndipo amayamba kulikana. Mwana woonda chimene chimamusowa kwambiri ndi mphamvu, ndipo mphamvu tiziwonjezera ndi mafuta, osati ndi soya wina.

6. Phikani phala logwira

Kapu imene ndikunena apa ndi ya mamililita 250, theka la botolo la madzi la 500. Tapani masupuni aakulu 5 a ufa wosakaniza uja. Yezani madzi kapu imodzi ndi theka. Pa madziwo patulani ochepa ozizira musungunulire ufa kuti pasakhale mibulu, otsalawo muwiritse. Akabwata thirani ufa wosungunula uja mukutakasa ndi mthiko. Chepetsani moto, libwate mphindi 15, mukutakasa pafupipafupi chifukwa phala la soya limagwira pansi msanga kuposa la mgaiwa wokha. Mupeza phala lokwana pafupifupi kapu imodzi.

Tsopano liyeseni. Tapani ndi supuni, muipendeke. Phala labwino limakangamira, limagwa mochedwa ngati likukana. Likayenderera ngati thobwa, ndiye kuti mwana mukumudyetsa madzi. Kamimba ka mwana wa miyezi 8 n'kosakwana n'komwe kapu imodzi, ndiye kakadzaza ndi phala lamadzimadzi amaoneka wokhuta pamene ufa umene walowa ndi supuni imodzi yokha. Agogo ambiri amaopa kuti phala logwira limutsamwa mwana kapena limuumitsa m'mimba. Chofewetsa phala ndi mafuta, osati madzi.

Mukaphula, thirani kasupuni kakang'ono kamodzi ka mafuta ophikira m'mbale ya mwanayo n'kutakasa. Pa theka la kapu ya phala, kasupuni kameneka kamawonjezera mphamvu pafupifupi theka la imene inalimo kale, koma mimba osadzaza. Mafuta akasowa, kuno tili ndi mwayi wa mapeyala: kanyani masupuni awiri a peyala lakupsa muthire. Nsinjiro nazonso zimagwira, koma izo zilowe phala lili pamoto kuti zipse. Nthochi yakupsa yokanya imatsekemeretsa mokwanira moti shuga safunika. Ngati muthira shuga akhale wochepa, mchere kungowaza wa ayodini, ndipo kwa mwana wosakwana chaka mchere mukhoza kuusiya. Uchi musampatse mwana wosakwana chaka.

7. Kadyetsedwe

Tsiku loyamba mpatseni masupuni awiri kapena atatu okha, m'mawa, kuti muone mmene thupi lilandirire. Ana ochepa soya sawayanja. Mukaona zidzolo zoyabwa, milomo kapena maso kutupa, kapena kusanza atangodya, lekani ndipo mukaonane ndi achipatala. Akamabanika popuma, thamangani nthawi yomweyo. Kampweya pang'ono masiku oyamba si vuto.

Zikayenda bwino, wa miyezi 6 mpaka 8 azidya kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira masupuni atatu n'kumakwera mpaka theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11, theka la kapu katatu kapena kanayi. Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri, kapu yosadzaza pang'ono kapena yodzaza, katatu kapena kanayi, kuwerengera pamodzi ndi nsima ndi ndiwo zimene akudya ndi banja. Mwana amene sikelo yatsika muwonjezereni chakudya kamodzi pamwamba pa apa, ndi kachipatso pakati. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri. Ndipo phala lisalande malo a dzira, usipa wosinja ndi masamba, pakuti soya sangapereke zonse.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Akamadyera limodzi ndi akulu ake simungadziwe chimene chalowa m'kamwa mwake. Musamutsine mphuno kapena kumugoneka chagada n'kumamuthira phala ndi dzanja, angatsamwe, ndiponso amayamba kuopa supuni.

Pali nkhani ya tiyi. Ife tinakulira pakati pa minda ya tiyi, ndipo mwana akalira m'mawa chapafupi ndi kumupatsa tiyi wa shuga. Tiyi amadzaza mimba popanda chakudya, komanso amaletsa thupi kutenga ayironi wa m'phala, amene amathandiza magazi. Mwana woonda tiyi amusiye. Mpatseni papaya, mango kapena madzi a lalanje pamodzi ndi phala, zimenezo ndi zimene zimathandiza ayironi kulowa.

8. Mmene zinayendera ndi mwana wa mng'ono wanga

Mng'ono wanga amathyola tiyi ku esiteti, amachoka kusanache n'kubwera dzuwa litapendeka. Mwana wake wamkazi ali ndi miyezi 10 ankalemera makilogalamu 6.5, ndipo sikelo inali itaima miyezi iwiri. Kalamba kanagwa pa 12, pachikasu. Mapazi sanatupe, malungo anamuyeza sanapezeke. Nditafunsa chimene amadya, anandiuza kuti phala katatu patsiku. Ndinapita kukaona ndekha. Phalalo linkaphikidwa kamodzi m'mamawa, la ufa woyera, ndipo amayi athu akafuna kumudyetsa masana ankathiramo madzi kuti lifewe. Pofika chakumadzulo linali loti mukhoza kumwera m'kapu.

Ndinati, "Amayi, phala ili mdzukulu wanu sakhuta nalo." Iwo anati, "Iwe, nonsenu ndinakulerani ndi phala lomweli." Sindinatsutse. Ndinangophika langa pambali, n'kuwapatsa supuni kuti adyetse okha. Mwana anamaliza theka la kapu n'kumalondola supuni ndi maso.

Tinawiritsa soya Loweruka, Lachiwiri tinagayitsa makapu 2 pa makapu 8 a chimanga. Chovuta chinali chakuti amayi athu maso ndi ofooka, zoyeza ndi masupuni sizikanatheka. Ndiye mng'ono wanga asanapite kuntchito ankayezeratu masupuni 5 m'kambale kovundikira, n'kudula botolo la pulasitiki pamlingo wa madzi, kuti agogo azingodzaza n'kuthira. Ankaphika yekha la m'mawa, agogo n'kuphika lina masana. Phala likakhala kupitirira maola awiri ankaliwiritsanso mpaka kubwata asanadyetse, osathiramo madzi osaphitsa. Madzulo mwana ankadya nsima yofewa ndi ndiwo, usiku n'kumayamwa mmene akufunira.

Sabata yoyamba panalibe chooneka kupatula kuti anasiya kulira chakumasana. Patatha mwezi sikelo inati 6.8. Mng'ono wanga anakhumudwa, amayembekezera kilogalamu yathunthu. Ndinamuonetsa m'kabuku kuti mzere umene unagona miyezi iwiri tsopano wadzuka, ndipo pamsinkhu umenewu magalamu 300 pamwezi ndi kukwera kwabwino. Mwezi wotsatira anatsegula m'mimba masiku atatu, tinamupatsa thanzi ORS ndi zinki wa kuchipatala, phala osasiya, ndipo atachira tinamuwonjezera chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri. Pokwanitsa chaka anali pa 7.2, kalamba katalowa pobiriwira.

9. Sikelo ikapanda kusuntha

Pitani kusikelo mwezi uliwonse, ndipo ngati mwana ali pachikasu, pamasiku amene alangizi akuuzani. Mwezi ukatha mwana akudya phalali koma sikelo ili pomwepo, yambani mwafufuza pakhomo. Imani pafupi pamene akudyetsedwa, muone kulimba kwa phala, muone ngati mafuta akuthiridwadi, muonenso amene akumaliza mbaleyo, chifukwa phala la soya ndi lokoma ndipo akulu ake amalizungulira. Nunkhizani ufa, mwina wasasa.

Zonsezi zikakhala bwino, vuto silili m'poto. Malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba, chifuwa chachikulu, HIV ndi zilonda za m'kamwa zimaimitsa sikelo ngakhale mwana adye bwanji. Pitani naye kuchipatala ndi kabuku kake, mukawauze zimene wakhala akudya, kangati patsiku, ndi tsiku limene munayamba, ndipo mupemphe kuti amuyeze.